Nyimbo yothokoza pa nthawi ya masika

"Kwaya yathu kuno ku Nsanje ikufuna kupeka nyimbo yothokoza Mulungu chifukwa cha zokolola. Kodi tiyambire pati?"

Mayi, yambani ndi kolasi ya mizere iwiri yokha, ndipo mzere uliwonse wa nyimbo yonse ukhale ndi maphatikizo ofanana, monga khumi:

Zikomo Chauta, Mwini mvula,
Nkhokwe zadzaza, ana akhuta.

Ndime aziyimba wotsogolera yekha, ndipo zitchule mbewu za kuchigwa kuno motsata nyengo:

Mapira afiira kumunda,
Mchewere wapirira chilala.

Shire waphwera, tadzala dimba,
Mbatata yakula mu chinyontho.

Ife tinalakwitsapo popeka kolasi ya mizere isanu ndi umodzi, moti amayi amene ankalowa akuvina atasenza malichero a mapira anayamba kung'ung'udza chabe pofika mzere wachitatu, ng'oma n'kutsala yokha. Ndime ya dimba musayisiye, pakuti chaka chimene madzi osefukira akokolola mbewu zakumtunda, ndi yokhayo imene anthu angayimbe mosanama.

Mawu akatha, kaonaneni ndi mphunzitsi wa kwaya wodziwa bwino, chifukwa mayimbidwe akasemphana ndi kakwezedwe ka mawu, "mtengo" wa m'nkhalango umamveka ngati wa pamsika.