Chenjezo la bajeti mu ERP: n'chifukwa chiyani limalira pomwe palibe vuto, n'kukhala chete pomwe ndalama zatha?

"Tinalowetsa bajeti ya dipatimenti iliyonse mu ERP yathu ndipo tinayatsa machenjezo. Mwezi wachitatu akulu a madipatimenti analandira machenjezo ambirimbiri akuti apyola malire, chonsecho panalibe cholakwika, moti pano sawawerenganso. Kenako chaka chikutha, dipatimenti yokonza makina inapezeka kuti yadya ndalama zopitirira bajeti popanda chenjezo lililonse. Kodi tikulakwitsa pati? Ndithandizeni chonde."

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi: ERP yanuyo, pulogalamu yoyendetsera maakaunti ndi ntchito za kampani, ikuyerekeza manambala awiri amene sakuyenera kuyerekezedwa. Kumbali ya bajeti, n'kutheka kuti ikugawa ndalama za chaka chonse mofanana pa miyezi 12. Kumbali ya zowonongedwa, ikuwerenga zokhazo zimene zalembedwa kale m'mabuku, makamaka ma invoisi. Nambala yoyambayo imabala chenjezo labodza, yachiwiriyo imachedwetsa chenjezo lenileni. Tiyeni titenge dipatimenti yanu yokonza makinayo, tiipatse manambala ongoyerekeza, tiitsate chaka chonse.

Tinene kuti kositi senta ya dipatimentiyi, kutanthauza gawo la m'mabuku momwe mumalembedwa ndalama zimene dipatimentiyo yawononga, ili ndi bajeti ya 1,200,000 pa chaka pa akaunti ya zokonzetsa. Mukapanda kuiuza china, pulogalamu imatenga kuti mwezi uliwonse ndi 100,000, kotero pakutha pa mwezi wachitatu malire ndi 300,000. Koma makina sakonzedwa mofanana mwezi ndi mwezi. Tinene kuti sevisi yaikulu imachitika mwezi wachitatu, ina yocheperako mwezi wa 9. Pakutha pa mwezi wachitatu dipatimenti yawononga 430,000. Pulogalamu iona kuti yapyola ndi 130,000, omwe ndi maperesenti 43, ndipo chenjezo lipita kwa mkulu wa dipatimenti. Iye akudziwa bwino kuti wangochita ntchito imene anaikonzera kale, ndiye chenjezolo alifufuta. Akafufuta kawiri katatu, lachinayi salitsegula n'komwe.

Mankhwala ake ndi kugawa bajeti motsatira mmene ntchito imayendera. Mu pulogalamu ya ERP yotchedwa ERPNext, mpaka mtundu wa 15, chida chake ndi `Monthly Distribution`, momwe mumalemba peresenti ya mwezi uliwonse, zonse pamodzi zikwane 100, kenako n'kuchilumikiza ku `Budget` ya kositi sentayo. Mapulogalamu ena amakulolani kulemba ndalama za mwezi uliwonse mwachindunji, koma mfundo yake ndi yomweyo. Pa chitsanzo chathuchi, mwezi wachitatu tiupatse maperesenti 25, mwezi wa 9 maperesenti 15, miyezi 10 yotsalayo maperesenti 6 uliwonse. Tsopano malire a pakutha pa mwezi wachitatu ndi 6 kuphatikiza 6 kuphatikiza 25, omwe ndi maperesenti 37, kapena kuti 444,000. Ndalama zomwe zija za 430,000 zili pansi pa malire ndi 14,000. Palibe chimene chasintha pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, chasintha ndi muyeso.

Maperesenti amenewa musawapeke muli mu ofesi ya maakaunti. Tulutsani zimene akauntiyo inawononga mwezi ndi mwezi pa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, muchotsemo zadzidzidzi zimene sizidzabweranso, kenako mukhale pansi ndi mkulu wa dipatimenti akuuzeni miyezi imene ntchito zazikulu zagwera chaka chino. Komanso akaunti iliyonse ili ndi kayendedwe kake. Malipiro a antchito ndi lendi zimayenda pafupifupi mofanana, kotero kugawa pa 12 kumakwanira. Inshuwaransi yolipira kamodzi pa chaka, ngati simukuimwaza pa miyezi m'mabuku anu, imagwa yonse mwezi umodzi. Onetsetsaninso kuti chenjezo likuyeza zimene zawonongedwa kuyambira kuchiyambi kwa chaka kufika pano, osati mwezi umodzi paokha. Sevisi ikachedwa ndi sabata imodzi n'kugwera mwezi wachinayi, muyeso wa mwezi umodzi ulira, pomwe wowerenga kuchokera kuchiyambi ukhala phee, ndipo ndiwo ukunena zoona.

Vuto lachiwiri ndilo lalikulu, ndipo ndilo limatayitsa ndalama. Tifike kumapeto kwa mwezi wa 8. Malire tsopano ndi maperesenti 67, omwe ndi 804,000. M'mabuku mwalembedwa 760,000. Lipoti likusonyeza kuti dipatimenti ili pansi ndi 44,000, ndipo aliyense ndi wokondwa. Koma pali ma oda ogulira zipangizo amene anatumizidwa kale kwa ogulitsa, okwana 310,000, omwe katundu wake sanafike ndipo invoisi sinabwere. Palinso zopempha kugula zimene zavomerezedwa koma sizinasanduke oda, zokwana 90,000. Ndalama zimenezi sizinatuluke, koma zili ndi mwini kale. Funso loyenera si lakuti tawononga zingati, koma lakuti tatsala ndi zingati zimene sitinalonjeze munthu:

```
zotsala = bajeti - zowonongedwa - ma oda otseguka - zopempha zovomerezedwa
40,000 = 1,200,000 - 760,000 - 310,000 - 90,000
```

Zatsala 40,000, ndipo miyezi ikadalipo 4. Dongosolo linati miyezi imeneyi idzafuna maperesenti 33, omwe ndi 396,000. Tisakokomeze: mwina 150,000 mwa ma oda aja ndi zipangizo za sevisi ya mwezi wa 9, zomwe zili kale m'kati mwa 396,000, pomwe zina zonsezo ndi zogula zimene sizinali m'dongosolo. Tikachotsa, ntchito yotsala ikufunabe 246,000, pomwe m'thumba muli 40,000. Kupelewera kwa 206,000 kukuoneka poyera mwezi wa 8, nthawi yochitapo kanthu ikadalipo: kuimitsa zopempha za 90,000 zija, kukambirana ndi wogulitsa kuti oda ina ichepe, kapena kupempha ndalama zoonjezera mwa dongosolo. Chenjezo loyang'ana ma invoisi okha lidzalira mwezi wa 11 kapena 12, katundu atalandiridwa kale ndipo palibenso chobweza.

Choncho malo oika chitetezo ndi pamene ndalama zikulonjezedwa. Mu `Budget` ya ERPNext muli magawo atatu osiyana, la `Material Request`, la `Purchase Order` ndi la polemba zowonongedwa zenizeni, ndipo pa lililonse mumasankha `Stop`, `Warn` kapena `Ignore`, padera za malire a chaka ndi padera za malire a miyezi yapitayo. Maganizo anga ndi awa. Pa oda, ikani `Stop` pa malire a chaka ndi `Warn` pa malire a miyezi. Pa invoisi musaike `Stop`. Katundu akalandiridwa, ngongole ilipo basi, kaya pulogalamu ivomere kaya ikane. Mukatseka invoisi, wolemba maakaunti amene akuthamangitsidwa ndi wogulitsa adzaisunga mu dirowa mpaka mwezi wamawa, kapena adzaiponya pa kositi senta ina imene ikadali ndi ndalama. Zonse ziwirizi zimaononga mabuku kuposa kupyola bajeti kwenikweniko. Mabilu a magetsi ndi malipiro a antchito nawonso asatsekedwe, chifukwa alibe oda imene mungaiimitse.

Kuwerenga ndalama zolonjezedwa kuli ndi msampha wake. Oda ya 100,000 imene wogulitsa anabweretsa katundu wa 80,000 yekha, ndipo wotsalayo simukumufunanso, imagwirabe 20,000 mpaka wina aitseke. Ma oda otere akachuluka, dipatimenti imakanizidwa kugula pomwe ndalama zilipo. Chizindikiro chake n'chosavuta: tulutsani mndandanda wa ma oda otseguka, muusanje potengera tsiku limene katundu amayenera kufika, ndipo iliyonse imene yapyola tsikulo ndi masiku 60 kapena 90 mufunse mwini wake ngati ikadali yamoyo. Muzichita zimenezi mwezi uliwonse musanatulutse lipoti. Msampha wina ndi invoisi yolembedwa payokha osailumikiza ku oda yake. Pamenepo ndalama zomwezo zimawerengedwa kawiri, ngati zowonongedwa komanso ngati zolonjezedwa. Mukaona zotsala zatsika mwadzidzidzi ndi ndalama zofanana ndendende ndi invoisi inayake, yambirani pamenepo.

Pali chinanso chimene chimakhudza kwambiri dipatimenti yokonza makina. Zipangizo zogulira kusunga mu sitolo ya kampani sizilowa mu zowonongedwa tsiku logula. Zimalembedwa ngati katundu wa kampani, ndipo zimafika pa kositi senta tsiku limene zatulutsidwa kukagwiritsidwa ntchito. Ngati woyang'anira sitolo amaunjika mapepala otulutsira katundu n'kuwalowetsa kamodzi pa miyezi itatu, dipatimenti idzaoneka yosamala ndalama miyezi iwiri, wachitatu n'kuoneka ngati yasakaza. Apa pulogalamu ilibe mlandu, chofunika ndi lamulo lakuti chotuluka chilembedwe tsiku lomwelo, kapena mwezi usanatsekedwe.

Musanakhulupirire lipoti lililonse, yang'anani kositi senta imene pulogalamu imadzazira yokha munthu akasiya malo opanda kanthu. Mu ERPNext kampani yatsopano imabwera ndi imodzi yotchedwa `Main`. Kawirikawiri imeneyi siikhala ndi bajeti, kotero chilichonse chogwera mmenemo sichidzutsa chenjezo, ndipo dipatimenti yeniyeni imaoneka ngati yasunga ndalama. Tsegulani zolembedwa zake za chaka chathachi. Mukapezamo ma invoisi a zipangizo za makina, mwapeza mbali ina ya ndalama zimene zinakudutsani mwakachetechete. Zisamutseni ndi cholemba chokonza chimene chikusonyeza komwe zachokera (mu ERP ina yotchedwa SAP pali `KB61` yosamutsira mzere umodzi umodzi), ndipo muike lamulo lakuti akaunti ya zowonongedwa isalandire kanthu popanda kositi senta yosankhidwa ndi munthu kapena yochokera pa oda.

Za mlingo wa chenjezo, peresenti yokha siikwanira. Akaunti ya mapepala ya 5,000 ikapyola ndi 1,000, ndiwo maperesenti 20, koma palibe amene ayenera kusiya ntchito chifukwa cha zimenezo. Akaunti ya 1,200,000 ikapyola ndi maperesenti 8, ndi 96,000 zimene zapita. Pa dipatimenti ya kukula kotere ndingati mkulu wake achenjezedwe kusiyana kukapitirira maperesenti 10 komanso 20,000 nthawi imodzi, ndipo chilichonse chopitirira 75,000 chifikenso kwa mkulu wa zachuma posatengera peresenti. Ngati pulogalamu yanu siitha kuphatikiza miyeso iwiriyi, pangani lipoti losefa lomwe lizituluka pa tsiku lokhazikika. Uthengawo uzinena kositi senta, akaunti, bajeti, zowonongedwa, zolonjezedwa, zotsala, ndi zolembedwa zitatu zazikulu zimene zabweretsa kusiyanako, kuti wolandirayo asayambe ndi kufunsa kuti kodi ndi chiyani.

Dipatimenti ikapatsidwa 206,000 zoonjezera zija, musafufute 1,200,000 n'kulembapo 1,406,000. Sungani bajeti yoyambirira monga inavomerezedwera, zoonjezerazo zilembedwe padera ndi tsiku, chifukwa chake ndi dzina la wovomereza, pamodzi ndi kositi senta kumene zachotsedwa ngati zasamutsidwa. Machenjezo aziyeza bajeti yosinthidwayo, koma lipoti la kumapeto kwa chaka lizionetsa zonse ziwiri, chifukwa pokonza bajeti ya chaka chamawa mudzafuna kudziwa ngati 1,200,000 inali yochepa kuyambira pachiyambi kapena panagwa ngozi ya makina imene sidzabweranso.