Kalata ya “sponsa” imene ingakulandeni tchanelo

“Ndili ndi tchanelo cha zophika pa YouTube, onditsatira angopitirira 8,000. Kampani ina yandilembera imelo kuti indilipira madola 800 ndikaitsatsa mu vidiyo imodzi. Anditumizira linki yoti nditengepo kontirakiti, fayilo yake ndi ya zip ndipo ili ndi pasiwedi. Akuti ndiyankhe pasanathe maola 48. Nditsegule?”

Achemwali, chonde musatsegule. Pasiwedi imeneyo ndi imene yandichititsa nthumanzi kuposa zonse. Kontirakiti yotsatsa malonda ndi masamba ochepa chabe, ilibe chifukwa choikhomera. Akuba amakhoma fayilo kuti Gmail ndi mapulogalamu oteteza kompyuta alephere kusuzumira m'kati mwake, ndiye amakupatsani inuyo kiyi kuti mulowetse nokha wakubayo m'nyumba.

Mukamasula zipiyo mumapeza chinthu chooneka ngati PDF, koma dzina lake lonse limakhala lotere: `Contract.pdf.scr` kapena `Contract.pdf.exe`. Windows imabisa mchira wa dzina la fayilo, choncho inu mumangoona `Contract.pdf`. Mukadina, palibe kalata imene imatseguka, kapena pamabwera uthenga woti fayilo ndi yowonongeka. Pamenepo pulogalamu yakuba imakhala itagwira kale ntchito yake m'masekondi ochepa.

Ambiri amadzilimbitsa mtima kuti akaunti yawo imafunsa nambala ya pa foni polowa. Chitetezo chimenecho n'chabwino, koma apa sichikwanira. Mukalowa mu YouTube, burawuza yanu imasunga kachidindo kotsimikizira kuti mwalowa kale, n'chifukwa chake mawa lake simufunsidwanso pasiwedi. Pulogalamu ija imakopa kachidindo kameneka n'kukatumiza kwa eni ake, iwo n'kukaika pa kompyuta yawo. YouTube imangoyesa kuti ndi inu.

Zimenezi zinachitikira tchanelo cha Linus Tech Tips mu Malichi 2023, chili ndi otsatira oposa 15 miliyoni, komanso eni ake ndi akatswiri a makompyuta. Wantchito wawo anatsegula fayilo yooneka ngati PDF ya wofuna kutsatsa malonda. Akubawo anasintha dzina la tchanelo kukhala Tesla n'kuyamba kuulutsa bodza la ndalama za kiripito. Google nayo mu Okutobala 2021 inanena kuti inapeza maakaunti pafupifupi 15,000 amene ankagwiritsidwa ntchito potumiza makalata oterewa, ndipo matchanelo obedwa ankagulitsidwa kuyambira madola 3 mpaka 4,000. Choncho musaganize kuti chanu n'chaching'ono kwambiri moti palibe angachisirire.

Tsono onani adiresi ya wotumiza, mbali imene ili kumanja kwa @. Dzina looneka pamwamba aliyense atha kulemba limene wafuna. Kampani ikakhala ndi webusaiti yakeyake koma imelo yachokera ku adiresi yaulere, kapena dzina lawonjezeredwa mawu ngati `-partners`, kapena chilembo chimodzi chasinthidwa, kayikani. Lembani nokha webusaiti ya kampaniyo mu burawuza, osadzera pa linki yawo, mupeze adiresi yawo yeniyeni ndi kuwafunsa ngati munthuyo amamudziwa. Werenganinso kalatayo: yatchulapo vidiyo yanu ngakhale imodzi? Wofunadi kulipira madola 800 amayamba wafunsa kuti oonera anu ali m'mayiko ati ndipo ndi angati pa vidiyo. Malire a maola 48 aikidwa kuti musapeze mpata wofunsa. Ngati mufunabe kuwayesa, auzeni alembe mfundo za mgwirizano m'kati mwa imelo momwemo. Kawirikawiri amakakamira fayilo kapena amangoti zii.

Ngati mwadina kale, chotsani kompyutayo pa intaneti nthawi yomweyo. Tengani foni kapena kompyuta ina, pitani ku `myaccount.google.com`, pa `Security` kenako `Your devices`, mutulutse zipangizo zonse zimene simukuzidziwa pamodzi ndi kompyuta yogwidwayo, ndipo musinthe pasiwedi. Musasinthire pa kompyuta ija, chifukwa yatsopanoyo ingabedwenso. Onani ngati nambala ya foni ndi imelo zobwezeretsera akaunti zikadali zanu, ndiponso mu YouTube Studio pa `Permissions` ngati simunalowe mlendo. Mapasiwedi onse amene burawuza inasunga, a Facebook, a banki, awerengeni ngati obedwa. Kompyutayo ifufutidwe, Windows iikidwemo mwatsopano. Akakhala kuti akutsekerani kunja, lemberani `@TeamYouTube` pa X, ndipo samalani ndi anthu amene amathamangira kukuyankhani kuti akubwezerani tchanelo mukawalipira. Amenewo ndi akuba enanso.

Kaya mwadina kapena ayi, lero lomwe yatsani `File name extensions` pa `View` mu File Explorer, kapena pa `View` kenako `Show` ngati muli ndi Windows 11, kuti michira ya mafayilo izioneka. Ndipo adiresi imene mumaika poyera kuti otsatsa azikulemberani ikhale yosiyana ndi imene mumalowera pa tchanelo.