Udzudzu 31 wakana kutulutsa mzere pa jelo

"Akuluakulu ndithandizeni. Ndikuzindikira udzudzu wa gulu la funestus ndi PCR. Pa udzudzu 96, 31 sakutulutsa mzere uliwonse pa jelo, koma kontirolo ikutuluka bwinobwino pa 505. Abwana akuti ndi manja anga, ndibwereze. Nditsitse kutentha kwa anilingi?"

Achemwali, musatsitse kaye, ndipo DNA yatsalayo muisunge ngati mchere wa m'chaka cha njala. Mawu akuti "ndi manja anu" ndawerenga mtima kuchita kuti phwii, chifukwa ine anandidyera miyezi itatu ya maphunziro anga.

Ndinali ndi udzudzu woposa 200 wogwidwa m'nyumba za kunyanja, wina aliyense m'kachubu kake. Pa maikulosikopu onse ndi gulu la funestus, palibe chokayikitsa. Mapulayima akale, tizidutswa ta DNA toyambitsira PCR, atatha, mkulu wina wa mu labu ndiye analemba oda yatsopano. Atafika ndinawasungunula, kusakaniza, kuika m'makina. Pa jelo panatuluka timizere tochepa pa 411, kachidutswa kotalika zilembo 411, kutanthauza rivulorum, mtundu wina wa m'gululi, kwina konse mbee. Kontirolo ya funestus nayonso mbee. Ndinapita kwa mkuluyo ndi chithunzi, iwo osachiyang'ana n'komwe, akuti kontirolo yakalamba, ndipo inu ana a masiku ano simudziwa kugwira pipeti. Ndinabwereza. Ndinasintha madzi, ndinatsegula Taq yatsopano, enzayimu yochulukitsa DNA, ndinasintha magulovu mpaka manja kutuwa. Akuti tsitsani anilingi, kutentha komwe mapulayima amamatira, ndinachoka pa madigiri 45 kufika pa 40. Akuti onjezani MgCl2, ndinaonjezera. Chimene chinatuluka ndi chiphalaphala chotsika msewu wonse wa jelo, ndi timizere tofooka apa ndi apo, tosagwirizana ndi mtundu uliwonse. Mukudziwa anati chiyani? Akuti lembani funestus basi, nanga kunyanja kungakhale chiyani china.

Tsiku lomwe sindidzaiwala ndi la msonkhano wa labu. Chithunzi changa chili pakhoma, anthu khumi ndi awiri m'chipinda, mkuluyo n'kuimirira kunena kuti iwo akhala akuchita PCR imeneyi zaka zambiri osavutika, ndiye vuto aliyense akuliona pamene lili. Ena anaseka. Ine chikhosi chauma, misozi ili m'mphepete, ndipo m'mutu ndikuwerenga machubu amene DNA yake yatheratu chifukwa chobwerezabwereza, oposa 60, udzudzu womwe tinaugwira mbandakucha m'nyumba za eni ake tikupepesa. Ndinatuluka, ndinakakhala kuseri kwa jenereta.

Usiku womwewo, chifukwa chosowa chochita, ndinatenga kachubu ka FUN, pulayima ya funestus, mufiriji n'kuwerenga zilembo zapachizindikiro chimodzichimodzi, pepala la njira yake lili pambali.

```
Yoyenera (FUN): 5'-GCATCGATGGGTTAATCATG-3'
Yomwe inabwera: 5'-GCATCGATGGGTTAATCAGT-3'
```

Zilembo ziwiri zomaliza zinasinthana malo polemba oda. Basi. Miyezi itatu.

Kuti muone chifukwa chake tizilembo tiwiri tingagwetse ntchito yonse, kumbukirani zomwe zimachitika m'kachubumo. Makina aja alibe nzeru, amangotenthetsa ndi kuziziritsa. Pa 94 zingwe ziwiri za DNA zimalekana. Kutentha kukatsika, mapulayima amakamata pamalo pomwe zilembo zawo zikugwirizana ndi za chingwecho, A ndi T, G ndi C. Pa 72 Taq imayamba kulumikiza zilembo zatsopano. Ulendo uliwonse kachidutswako kamachulukana kawiri, moti maulendo 30, zonse zitayenda bwino, kamodzi kamasanduka toposa biliyoni imodzi, n'chifukwa chake timakaona ndi maso pa jelo. Koma Taq siyamba yokha pa chingwe chopanda kanthu. Imafuna nsonga yoti ilumikizepo, ndipo nsongayo ndi mapeto a 3' a pulayima, atagona bwinobwino pa chingwe. Nsonga imeneyo ikakhala ili m'malere, Taq imavutika kwambiri kuyamba, ndiponso ilibe luso lodula chilembo cholakwikacho kuti ikonze. Zilembo 18 zanga zinkamata ndithu. Ziwiri zakunsonga ndi zomwe zinali lendelende. Cholakwika chomwecho chikanakhala kumayambiriro, ku 5', mwina sindikanadziwa n'komwe mpaka lero.

Chowawa china n'chakuti masamu a Tm, kutentha komwe pulayima imalekana ndi chingwe, sakanandiululira. Tengani kawerengedwe kachidule kaja:

```
Tm = 2(A+T) + 4(G+C)
```

FUN ili ndi zilembo 20, G ndi C zilipo 9, A ndi T zilipo 11, ndiye 22 kuphatikiza 36 ndi 58. Yolakwikayo zilembo ndi zomwezo, kungosintha malo, nayonso 58. Papepala lobwera ndi oda zonse zinkaoneka zabwino. Ndipo kutsitsa anilingi sikunakonze kanthu, kunangolola mapulayima onse asanu ndi limodzi kumata paliponse pofananako pang'ono, ndicho chiphalaphala chija.

Mkuluyo nditawaonetsa anangoti "aa, kampani yalakwitsa". Oda yomwe analemba okha ndinaiona ndi maso anga, cholakwika chili momwemo. Pepani sanandiuze mpaka ndinachoka. Pano tikakumana m'misonkhano timapatsana moni bwinobwino, koma mumtima ine ndimaona machubu 60 aja.

Tsono zanu zikusiyana ndi zanga pamfundo imodzi yaikulu. Inu 505 ikutuluka pa kontirolo, ndipo ndikukhulupirira kuti mwa 65 enawo ambiri ndi 505 yomweyo. Ndiye FUN yanu ili bwino, Taq ili bwino, makina ali bwino. Zatsala ziwiri: mwina m'machubu 31 amenewo mulibe DNA yabwino, kapena DNA ilimo koma msanganizo wanu ulibe pulayima yoidziwa.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaiwala mmene njira ya Koekemoer ya 2002 inapangidwira. Muli pulayima imodzi ya onse, UV, yomwe imamata pa 5.8S, malo omwe sasinthasintha pakati pa mitundu ya udzudzu. Kenako mtundu uliwonse uli ndi pulayima yakeyake yobwerera, yomata m'chigawo cha ITS2 chomwe chimasiyana mtundu ndi mtundu, ndipo anaziika pa mitunda yosiyana kuchokera pa UV kuti kutalika kwa mzere kukuuzeni dzina: vaneedeni 587, funestus 505, rivulorum 411, parensis 252, leesoni 146. Ndiye PCR imeneyi siyankha funso lakuti "uyu ndi ndani". Imangoitana maina asanu ngati mphunzitsi m'kalasi. Mwana yemwe dzina lake mulibe m'kaundula sayankha, ngakhale wakhala kutsogolo penipeni.

Zinachitikapo kwathu kuno. Ku Karonga anagwira udzudzu m'nyumba, pa maikulosikopu funestus weniweni, koma pa PCR imeneyi zii. Ofufuzawo sanaulembe kuti ndi manja oipa. Anawerenga ndondomeko ya zilembo za ITS2, anayesa kuukwatitsa ndi funestus, n'kupeza kuti ndi mtundu wina, umene anaulengeza mu 2009 ndipo timautcha An. funestus-like. Anachita kuupangira pulayima yakeyake. Ngati msanganizo wanu ndi wa maina asanu aja okha, ameneyu sadzatuluka ngakhale mubwereze kakhumi. Pomwe akanalembedwa funestus mwachisawawa, monga ankandiuzira mkulu uja, mukanakhala mukuwerengera m'gulu la wofalitsa malungo wamkulu udzudzu womwe sudziwika ndi ntchito imeneyo.

Ndipo si mzere wosowa wokha umene umanamiza, wotuluka nawonso umanama. Ku Zambia anapeza kuti An. longipalpis, mtundu womwe amautcha C, umatulutsa mizere iwiri pa PCR yomweyi, wina pamalo pa vaneedeni wina pamalo pa parensis, chifukwa ITS2 yake ili ndi malo omwe mapulayima awiriwo amamatapo. Munthu wosadziwa amati machubu asakanikirana. Opanga pulayima amangoiyesa pa mitundu yomwe anali nayo m'manja nthawi imeneyo, ina yonse yakutchire sanaifunse.

Chochita chake n'chotchipa kuposa kubwereza mbale yonse. Tengani 8 mwa 31 aja, 2 omwe anatulutsa 505, ndi chubu cha madzi okha. Musaikemo mapulayima a mitundu, ikani awiri okha a onse, ITS2A ndi ITS2B. Woyambayo ndi UV yomweyo, wachiwiri amamata pa 28S, ndiye amagwira ITS2 yonse ya Anopheles posayang'ana mtundu. 8 aja akapanda kutulutsa kanthu pomwe 2 a 505 aja atulutsa, vuto ndi DNA. Zikatero yesani kuisungunula ndi madzi kakhumi musanataye mtima, makamaka ngati udzudzuwo unali utakhuta magazi, poti himu ya m'magazi imalepheretsa Taq kugwira ntchito, ndipo kuchepetsa DNA nthawi zina ndi komwe kumatulutsa mzere. Koma mzere ukatuluka wowala bwino, DNA yanu ilibe mlandu, manja anu alibe mlandu. Yerekezani kutalika kwake ndi kwa awiri aja, kenako tumizani atatu kapena anayi akawerengedwe zilembo, zotsatira muziike pa BLAST, yofananitsa zilembo zanu ndi za mitundu yodziwika kale. Onaninso m'buku lanu ngati 31 amenewo achokera mudzi umodzi kapena tsiku limodzi. Tsiku limodzi lotulutsira DNA, kayikirani ntchito ya tsikulo. Mudzi umodzi koma masiku osiyana, kayikirani udzudzuwo. Ndipo ngati matupi alipo abwezereni pa maikulosikopu, chifukwa wothothoka mamba amalowa gulu lolakwika mosavuta, arabiensis m'chubu cha funestus sangayankhe dzina lililonse.

Komabe ndinene chilungamo, abwana anuwo musawatsutse pagulu, ndipo n'kutheka ndithu akunena zoona. Kuyambira nthawi ija ndaona majelo ambiri opanda mizere, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala DNA yomweyo: udzudzu wosungidwa pa silika yonyowa, wochita nkhungu, kapena kaufa ka DNA kotayidwa limodzi ndi ethanolo. Mapulayima ofalitsidwa kale musamathamangire kuwakayikira, anthu anawayesa zaka zambiri. Za anilingi ndati musatsitse, koma ngati makina anu ali ndi giladiyenti palibe choipa kuyesa chubu chimodzi kuyambira 40 mpaka 50, bola musathere DNA ya onse 31 pa zimenezo. Apatseni ulemu wawo, bwerezani anayi monga anenera, ITS2A ndi ITS2B muyendetse pambali tsiku lomwelo. Ndipo musanagone lero tsegulani firiji muwerenge zilembo za pa mapulayima a mitundu inayo, VAN, RIV, PAR ndi LEES, chimodzichimodzi, chifukwa kontirolo yanu ya 505 yangotsimikizira UV ndi FUN zokha, zinayi zinazo palibe waziyesa. Chithunzi cha jelo mutiponyere muno, ladala ionekere.