Hayala ya ukwati muyambe kuipangana za ulendo wobwerera

"Mchemwali wanga akukwatiwa mu Okutobala, tchalitchi ndi holo zonse pa Nchalo. Abale ambiri ali kumudzi kwa Makhuwira, ena ku Ngabu. Tiwanyamule bwanji, nanga magalimoto akaima pati?"

Achimwene, kuwabweretsa anthuwo si kovuta. Pamene makomiti ambiri amagwa m'mavuto ndi madzulo. Perekani-perekani akakoma satha 4 koloko monga imalembedwera pa khadi, ndipo dalaivala amene munangopangana naye kuti "mukawatenge" amakhala atabwerera kale pa siteji kukasaka ndalama zina. Mapeto ake azigogo amagona pakhonde la holo, udzudzu wa pa Nchalo uli pa ntchito yake. Choncho pokambirana ndi mwini galimoto yambani ndi funso la kubwerera: inyamuka nthawi yanji, ndipo ikawatula pati.

Tione za a kwa Makhuwira, chifukwa ndiwo ali ndi ulendo wovuta. Ali kutsidya kwa Shire, ndiye galimoto iyenera kuzungulira pa Thabwa, kuwoloka pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa Dyeratu ndi Bereu, kenako Nchalo. Tinene kuti ankhoswe akupatsani mayina 45. Minibasi muiwerengere anthu 15, ndiye kuti mukufunika zitatu. Wina m'komiti adzanena kuti tibwereke imodzi iyende maulendo atatu. Musalole. Ulendo wachiwiri udzafika ukwati atadalitsa kale, wachitatu udzapeza anthu akutsuka mbale, ndipo mafuta ake ndi omwewo kapena kuposa, poti galimoto izibwerera yopanda kanthu. Ndalama zikachepa, kuli bwino okalamba ndi amayi ophika abwere Lachisanu, agone kwa abale, minibasi ziwiri zitenge otsalawo Loweruka.

Ufa, nkhuni, mbuzi ndi miphika zipite pa lole Lachisanu lomwelo. Anthu pa lole yosafoleredwa m'dzuwa la Okutobala kuno kuchigwa, ine sindivomereza ngakhale pang'ono, makamaka pali ana ndi okalamba. Komanso pa Thabwa pali apolisi apamsewu. Galimoto yodzaza mopyola muyeso kapena yopanda mapepala ikhoza kuimitsidwa pamenepo mpaka nthawi ya tchalitchi kudutsa. Pitani mukaione nokha galimotoyo kukatsala sabata imodzi kuti ukwati uchitike: matayala, tayala lapadera, jeke, magetsi, inshuwalansi ndi chiphaso cha dalaivala.

Mgwirizano ulembedwe papepala, mboni ziwiri zisayine. Mulembe ngati mafuta ali mumtengo wa hayala, malo onyamulira, ndi kuti galimoto ikhala pa holo tsiku lonse. Perekani theka poyamba, theka linalo adzalandire atawatula anthu kumudzi. Dalaivala ndi kondakitala muwawerengere pa chakudya, koma mowa ayi, ndipo zimenezi muwauziretu pamaso pa abwana awo.

Kumudzi sankhani malo amodzi okumanirana, pa sukulu kapena pa tchalitchi, osati khomo ndi khomo. Galimoto iliyonse ikhale ndi munthu wamkulu wogwira mayina, wa foni yoyaka, wotha kukaniza munthu popanda kuchita manyazi, chifukwa pa tsikulo amatulukira anthu amene sanalembedwe. Ngati ukwati akudalitsa 9 koloko, anyamuke kusanache bwino, m'ma 5 koloko, ndi zigubu za madzi akumwa. Madzulo auzeni a zoulutsa mawu kuti ayambe kuitana a kumudzi pa perekani-perekani, aponye ndalama zawo, adye, pofika 4 koloko akhale atakwera. Msewu wa kutsidyako usiku umakhala ndi ng'ombe, ngolo ndi njinga zopanda magetsi. A ku Ngabu alibe vuto lalikulu, ali pa msewu wa M1. Apatseni ndalama yokwerera, abwera okha.

Za poimika, musadalire mawu a mwini holo oti malo alipo ambiri. Kayendeni pabwalopo masana, muone pali mthunzi ndi pali mchenga woti galimoto ingatitimire. Pafupi ndi khomo pakhale galimoto ya akwati ndi za m'dipiti basi. Maminibasi a kumudzi aime chakugeti atayang'ana kunja, chifukwa ndiwo ayambe kutuluka, ndipo pasapezeke woimika kutsogolo kwawo. M'mbali mwa msewu waukulu musaimike aliyense. Nyengo imeneyo ndi yodula nzimbe, mathirakitala ndi malole amadutsadutsa.

Ambiri amaiwala njinga. Kuno anthu obwera pa njinga zakapalasa ndi zamoto amachuluka kuposa a magalimoto. Zingani malo ndi chingwe, muikepo anyamata awiri olipidwa, njinga iliyonse aimange kapepala ka nambala, kena apatse mwini wake. Wopanda kapepala asatulutse njinga mpaka abwere wapampando wa komiti.