Digiri ya ku Poly ya 2014 si ya MUBAS

"Ndalemba mbiri yanga yaifupi yoti ilowe m'kabuku ka msonkhano wa maakauntanti, ndipo ndakutumizirani. Ndikuopa kuti wina angandigwire bodza pomwe sindinafune kunama. Ndiyang'ane chiyani ndisanaipereke?" Akufunsa choncho mayi wina wa ku Chilomoni.

Mayi, ndaiwerenga, ndipo kalembedwe kake kalibe vuto. Koma isindikizeni papepala, mutenge bolopeni, mudule mzere kunsi kwa dzina lililonse, chaka chilichonse ndi udindo uliwonse. Kenako tulutsani envulopu ija mumasungamo masatifiketi ndi makalata a kuntchito, chodulidwa mzere chilichonse muchipezere pepala lochiikira umboni. Za m'mutu musazidalire, mutu umakonda kukometsera mwini wake.

Tiyambe ndi chiganizo chanu choyamba. Mwalemba kuti munatenga digiri ku MUBAS mu 2014. Chaka chimenecho MUBAS kunalibe. Sukulu ija ya pa Ginnery Corner inali Polytechnic, nthambi ya University of Malawi, ndipo inadzaima payokha ndi dzina latsopanoli mu 2021. Onani pa satifiketi yanu, mupeza kuti yemwe anakupatsani digiriyo ndi University of Malawi. Ndiye lembani zomwe zili pamenepo, ndipo ngati mukufuna kuti achinyamata adziwe malowo, onjezani kuti panopa ndi MUBAS. Ndikudziwa kuti nyumba ndi zomwe zija, nafenso timangoti ku Poly mpaka lero, koma wofuna kutsimikiza amayang'ana dzina la papepala. Msampha womwewu umakola anzathu a ku College of Medicine, yomwe inalowa mu KUHeS chaka chomwecho.

Za udindo ndiye ndikufunseni: mwati mwakhala mkulu wa za chuma kuyambira 2019. Kodi kalata ya 2019 inakukwezani, kapena inati mugwirizire mpandowo? M'imelo mwanu mwatchula kuti anakukhazikitsani mu 2021. Ngati ndi choncho, zaka ziwiri zoyambazo munali wogwirizira chabe, ndipo mulembe momwemo. Blantyre ndi yaing'ono. Mu holo imeneyo simulephera kukhala munthu yemwe anali nanu ofesi imodzi nthawi imeneyo. Ine zinandionekerapo: woyendetsa mwambo anandiwerengera udindo womwe ndinangogwirizira miyezi inayi, mwini mpando ali phee pamzere wachiwiri.

"Zaka zoposa 15 pantchito" sizikugwirizana ndi masamu anu omwe. Munayamba ntchito mu 2015, ndiye zaka 15 zidzakwana mu 2030. Ingolembani kuti "kuyambira 2015", mbiriyo sidzakalamba.

Chatsala ndi chija mwati ndinu mayi woyamba kukhala pampandowo. Anakuuzani ndani? Ngati ndi nkhani ya pa tiyi, pitani ku ofesi yoona za antchito akakuonereni m'mafayilo mayina a omwe anakhalapo inu musanabwere. Akakutsimikizirani, apempheni alembe pa imelo, muisunge mu envulopu muja. Akayamba kukanda m'mutu, chiganizocho chichotseni lero lomwe, kabukuko kasanapite kosindikiza.