Malipiro analowa koma K126,950 yasowa: kodi bambo akunyumba ali ndi wina?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Zomba. Amuna anga amagwira ntchito pa kampani ina ndipo amalandirira ku banki K480,000, kawirikawiri pa 25. Mwezi wa Okutobala malipiro anachedwa, anadzalowa pa 5 Novembala. Uthenga utafika pafoni yawo ndinauona ndi maso angawa: ndalama zalowa K480,000, koma zotsala mu akaunti K353,050. Tsiku lomwelo eni nyumba anabwera kudzakalipa kuti lendi sinafike, chonsecho lendiyo imapita yokha kuchokera ku banki. Nditafunsa, bambowa anangoti "banki yadya" n'kutuluka. Pambuyo pake anandiponyera sitetimenti yomwe ndakutumiziraniyi, koma ine sindikuimva. Mnzanga akuti banki singadule ndalama zonsezi, ndiye kuti pali wina amene akumusamala. Sitikuyankhulana bwino, ndipo ndikufuna kukatula nkhaniyi kwa ankhoswe. Ndithandizeni.

Mayi wosweka mtima, Zomba

Mwana wanga,

Ankhoswe asiyeni kaye apume. Sitetimenti mwatumizayi ndaiwerenga mzere ndi mzere, ndipo palibe tambala ndi imodzi yomwe inatapidwa pa makina kapena kutumizidwa ku foni ya munthu. Ndalama zonse mukuzifunazo zikuoneka kumene zinapita. Tiyeni tiyende limodzi, chifukwa mukapanda kumvetsa mmene zinachitikira, zidzachitikanso malipiro akadzachedwa ulendo wina.

Pa 27 Okutobala mu akaunti munali K22,000. Tsiku lomwelo a inshuwalansi ya maliro anatenga K18,000 yawo monga mwa mwezi uliwonse, n'kutsala K4,000. Mpaka apa zinali bwino. Mavuto anayamba m'mawa mwake, ndipo mizere yake ndi iyi:

```
28 Oct  Unpaid standing order fee    10,000
28 Oct  Loan repayment               95,000
28 Oct  Unauthorised overdraft fee   15,000
30 Oct  Unpaid standing order fee    10,000
05 Nov  Debit interest                  950
```

Mzere woyambawo ndi nkhani ya lendi. Amuna anu anasainira ku banki kuti pa 28 mwezi uliwonse K110,000 izipita kwa eni nyumba. Makina a banki sadziwa kuti abwana achedwetsa malipiro. Tsiku likakwana amangogogoda mu akaunti, ndipo pa 28 anapezamo K4,000 yokha. Lendi inabwerera osapita, banki n'kulipiritsa K10,000 chifukwa cha kubwererako. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka: chindapusa chadulidwa, koma eni nyumba sanalandire kanthu, ndipo lendiyo mukuyenera kuilipirabe yonse. N'chifukwa chake anabwera kudzakalipa pakhomo. Pa 30 makina aja anayeseranso, anapezanso mulibe, ina K10,000.

Mzere wachiwiri ndi ngongole. Ndikukhulupirira kuti mukuidziwa, popeza sitetimenti ikuonetsa kuti K95,000 imadulidwa mwezi ndi mwezi. Ngongoleyi ndi ya banki yomweyo, choncho iwo sanaibweze ngati anachitira ndi lendi. Anadzilipira okha, ngakhale munalibe ndalama, akaunti n'kulowa pansi pa ziro. Imeneyi ndiye ovadirafuti: banki yakubwerekani ndalama zoti mulipirire chimene chafika. Pakakhala kuti simunapangane nawo pasadakhale za kubwerekana kotere, amaitcha yosaloledwa ndipo amaikapo chindapusa, chomwe kwa inu chinali K15,000. Pamwamba pake amawerengera chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku mpaka dzenjelo litakwiririka, ndiyo K950 ili kumapetoyo.

Tsono werengani nane. Zindapusa zitatu ndi chiwongoladzanja zikukwana K35,950. Phatikizani K95,000 ya ngongole, muchotse K4,000 imene inalimo kale, mupeza K126,950. Ndi ndalama yomwe ija mukuti yasowa, ndendende. Malipiro atangolowa pa 5 Novembala, banki inayamba yatenga zake, uthenga wa pafoni n'kukuonetsani zotsala. Mwa zonse zimene zinadulidwazi, K95,000 ikanapita ndithu ngakhale malipiro akanafika pa nthawi yake. Imene banja lanu lataya zenizeni ndi K35,950, ndipo si yochepa ayi, ndi ndiwo za masiku ambiri. Taonaninso kuti chiwongoladzanja, chimene anthu amachiopa kwambiri, n'chimene chili chaching'ono pa zonsezi. Zopweteka ndi zindapusa zodulidwa nthawi iliyonse makina akagogoda n'kupeza mulibe.

Mnzanu uja analankhula asanaone pepala. Mawu oterewa amaphwasula mabanja, ndipo ndikupemphani kuti nkhaniyi musakambiranenso naye.

Koma amuna anunso sindiwasiya. Kuyambira pa 25 ankadziwa kuti malipiro sanalowe, ankadziwanso kuti pa 28 pali lendi ndi ngongole. Anali ndi masiku atatu ochitapo kanthu, iwo n'kukhala chete, mwina poyembekezera kuti mawa zilowa. Atafunsidwa, m'malo mokhala nanu pansi, anakuponyerani pepala la Chingerezi cha ku banki. Ndimawamvetsa amuna ambiri: kunena kuti "mwezi uno sindinalandire" kumawachititsa manyazi ngati kuti alephera udindo, chikhalirecho wolakwa ndi wowalemba ntchito. Komabe kukhala chete kwawoko n'kumene kunatsegula khomo loti mnzanu alowetse maganizo oipa. Muwauze zimenezi mofatsa, ana atagona, mutayamba ndi kuwauza kuti mwaona kuti ndalama sanaononge.

Mukagwirizana, ntchito yoyamba ndi kuyesa kubweza K35,950 ija. Apite kuntchito akapemphe kalata yachidule ya kwa akawerengera ndalama, yonena kuti malipiro a Okutobala amayenera kulowa pa 25 koma analowa pa 5 Novembala, ndipo vuto silinali la wantchito. Kalatayo aitenge pamodzi ndi sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi yoonetsa kuti kale zonse zinkayenda bwino, apite ku nthambi ya banki kumene anatsegulira akaunti. Asangodandaula pakamwa kwa wa pa kauntala. Alembe pempho loti zindapusazo zibwezedwe, atchule deti ndi ndalama ya chilichonse, ndipo kope yawo idindidwe. Ndisakunamizeni, banki siikakamizika kubweza ngati zindapusazo zili pa mndandanda wa mitengo yake, koma woyang'anira nthambi angathe kuchotsa zina kwa kasitomala amene sanavutitsepo. Poyambira pabwino ndi K10,000 yachiwiri ija, chifukwa ndi lendi imodzi yomweyo imene yalipiritsidwa kawiri m'masiku awiri. Apemphenso kuona mndandanda wa mitengowo ndi pangano la ngongole limene anasainira, aone ngati limalola banki kulowetsa akaunti pansi pa ziro podzilipira. Akapeza kuti anadulidwa zosiyana ndi zolembedwa, ndipo banki sikuwayankha, dandaulo angalipititse ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki onse ndipo imalandira madandaulo a makasitomala. Kuntchito nako angathe kufunsa mwaulemu ngati kampani ingathandizeko pa zimene kuchedwako kwawaonongetsa, makamaka ngati anzawo angapo akumana ndi zomwezi n'kupita limodzi.

Ntchito yachiwiri ndiyo yaikulu, ndipo ndi ya madeti. Malipiro a pa 25, inshuwalansi pa 27, lendi ndi ngongole pa 28: mwayandikitsa zinthu kwambiri, ngati kumanga nyumba m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Malipiro akangochedwa masiku atatu, zonse zimagwa pamodzi. Kambiranani ndi eni nyumba kuti lendi izifika pa 7 kapena pa 10 mwezi wotsatira, kenako mukasinthe deti ku banki. Kapenanso muithetse yodzipitira yokhayo, muzitumiza nokha pafoni malipiro akalowa. Mukatero, mwezi wovuta mudzangofunika kupepesa kwa eni nyumba, popanda chindapusa. Za ngongole, deti lake silisinthika ndi inu nokha chifukwa lili m'pangano, koma pemphani kuti alisunthe, mutaonetsa sitetimenti yosonyeza masiku amene malipiro amalowadi. Mufunse ngati kusunthako kuonjezere chiwongoladzanja cha masiku apakatiwo, kuti chisakudzidzimutseni.

Inshuwalansi ya maliro muisamale mwapadera. Ulendo uno inadutsa chifukwa cha K22,000 ija. Ikamabwerera miyezi yotsatizana, inshuwalansiyo imatha kufa, banja n'kudzazindikira tsiku la zovuta. Ngati pali ndalama yoti izikhala mu akaunti osakhudzidwa, ikhale yokwanira inshuwalansiyi.

Tsiku la malipiro likadutsa foni ili zii, musamangodikira. M'mawa wotsatira bambo apite kapena aimbe ku banki, aimitse lendi ya mwezi umenewo deti lake lisanafike, chifukwa kuimitsa tsiku lomwelo nthawi zambiri kumakhala kuchedwa. Afunse ngati kuimitsako kuli ndi mtengo wake, auyerekeze ndi K20,000 imene yapita ulendo uno. Awauzenso a ngongole kuti malipiro achedwa. Ngongole ikamalephereka mobwerezabwereza, dzina limatha kukalembedwa ku mabungwe osunga mbiri ya anthu obwereka, ndipo mukadzafuna ngongole ina ya fizi kapena malata, mudzavutika. Ngati banki ingalole ovadirafuti yopangana pasadakhale, ya ndalama yongokwanira ngongole ya mwezi umodzi, imeneyo imakhala yotsika mtengo kuposa yogweramo mwangozi. Koma muigwiritse ntchito pa kuchedwa kwa malipiro pokha, isasanduke ya ndiwo, ndipo mufunsiretu ndalama yoitsegulira.

Katapila ayi, mwana wanga. Kukatenga K100,000 kwa munthu woti mubweze K150,000 pofuna kuthawa chindapusa cha K15,000 ndi kudzionjezera mavuto.

Lendi ya Okutobala ikalipidwa, mutsala ndi K243,050 m'malo mwa K279,000 imene mukanakhala nayo mwezi wabwinobwino. Khalani pansi awirinu muone chimene chingadikire mpaka malipiro a Novembala, ndipo kwa eni nyumba mupite nonse, mukapepese ndi kukambirana za deti latsopano ulendo womwewo.

Azakhali