Kusintha mawu sikubisa kuti nkhani inalembedwa ndi makina

"Achimwene, ndili chaka chachitatu pakoleji ina muno mu Zomba. Lipoti langa la usodzi wa pa Nyanja ya Chilwa ndinalembetsa ku ChatGPT chifukwa nthawi inandithera. Mnzanga wa ku Chikanda akuti ndingoliponya mu QuillBot, pulogalamu yotembenuza mawu, kenako ndisinthe mawu ena ndekha, ndiye kuti aphunzitsi sangadziwe. Kodi n'zoona? Lolemba ndi tsiku lopereka."

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi funso lotere, poti ambiri amafunsa atagwidwa kale. Mnzanuyo sakunama kotheratu. Nthawi zina nkhani yotembenuzidwa mawu imadutsadi pa pulogalamu yofufuza osakodwa. Koma "nthawi zina" si chinthu choikapo digiri yanu, ndipo chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri si kugwidwa ayi. Ndi zimene zimachitikira lipotilo likamatuluka mbali inayo.

Ndakhala ndikuwongolera anthu zolemba zawo zaka zingapo, ndipo nkhani yodutsa m'chigayo cha mawu ndimaizindikira ndisanamalize ndime yoyamba. Ndapeka chiganizo chofanana ndi zimene ndimakumana nazo, cha nkhani yanu yomweyi. Tinene kuti poyamba chinali chotere:

```
A random sample of 60 fishers at Kachulu suggests that low lake
levels may be associated with a significant decline in matemba catches.
```

Ndiye wina wasintha liwu lililonse ndi mnzake wooneka wofanana naye:

```
An arbitrary example of 60 anglers at Kachulu proves that low lake
levels will cause a noteworthy decline in matemba catches.
```

Mukawerenga mothamanga mungati palibe chasintha. Tiyeni tione bwino. Mawu oti random sample ali ndi tanthauzo limodzi lokha m'kafukufuku: asodziwo anasankhidwa mwamaere, moti aliyense padokopo anali ndi mwayi wosankhidwa. Pamene arbitrary example akunena kuti munangotola amene munawapeza atakhala pamthunzi. Njira yanu yonse yofufuzira yafera pomwepo. Liwu loti anglers limanena anthu owedza ndi mbedza, nthawi zambiri ongosangalala, osati bambo wa ku Kachulu wokoka khoka kuti ana adye. Suggests anali kunena modzichepetsa kuti "zikuoneka ngati", koma proves akulumbira kuti zatsimikizika, ndipo anthu 60 a padoko limodzi sangatsimikize kanthu za nyanja yonse. May be associated with amanena kuti zinthu ziwiri mwina zimayendera limodzi. Will cause akuti chimodzi chidzabala chinzake. Nanga significant? Mu lipoti la ziwerengero liwuli limatanthauza kuti munayesa masamu ake ndipo kusiyanako sikukuoneka kuti kunangochitika mwangozi. Noteworthy ndi kungoti "n'zopatsa chidwi". Chiganizo chimodzi, mabala asanu, ndipo aphunzitsi anu a kafukufuku adzachonga onsewo ndi cholembera chofiira.

Gwero la vutoli ndi lakuti mawu ofanana ndendende ndi osowa, m'chiyankhulo chilichonse. Kumsika wa Zomba mukatuma mwana matemba n'kubwera ndi usipa, simungavomere zoti "zonse ndi nsomba zing'onozing'ono". Matemba ndi a ku Chilwa, usipa ndi wa ku Nyanja ya Malawi, ndipo ndiwo yake si imodzi. Mgaiwa ndi ufa woyera zonse ndi ufa. Ganyu ndi ntchito, koma wa ganyu sadikira malipiro kumapeto kwa mwezi. Ndipo pamaliro simungaimirire n'kunena kuti agogo "afa" m'malo moti "atisiya", ngakhale buku lomasulira mawu litawaika pamzere umodzi. Mawu a sayansi ndiye ouma khosi kuposa amenewa, chifukwa akatswiri anagwirizana dala kuti chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi. Wosintha dzinalo sakuoneka wanzeru, akuoneka kuti sadziwa phunzirolo.

Zimenezi zachititsa manyazi ngakhale anthu ophunzira kwambiri. M'chaka cha 2021, akatswiri atatu, Guillaume Cabanac, Cyril Labbé ndi Alexander Magazinov, anafalitsa zimene anapeza m'magazini a sayansi: mawu achilendo amene anawatcha tortured phrases, kapena tinene mawu ozunzidwa. M'malo mwa artificial intelligence anapeza counterfeit consciousness. Big data inasanduka colossal information, random forest n'kukhala irregular timberland. Khansa ya m'mawere, breast cancer, inapezeka ikutchedwa bosom peril. Olembawo ankafuna kuzemba mapulogalamu ogwira akuba zolemba za anzawo, ndipo mwina anazembadi poyamba. Koma mawu opotokawo ndi amene anakhala mapazi owalondolera. A Cabanac anakonza chida chotchedwa Problematic Paper Screener chimene chimasaka mawu oterewa m'nkhani zofalitsidwa, ndipo nkhani zambiri zachotsedwa m'magazini chifukwa cha zimenezi. Chimene ankabisira ndi chomwe chinawaulula.

Mwina munena kuti zida za masiku ano sizichita zauchitsiru zotere. N'zoona, zambiri sizisinthanso liwu limodzilimodzi, zimalemba chiganizo chonse mwatsopano ndipo chimamveka bwino. Koma taganizani kuti akulembayo ndani. Ndi makina enanso a mtundu womwewo. Ndiye mwatenga nkhani ya makina n'kuipatsa makina anzake kuti aichotse fungo la makina. Mapulogalamu ofufuza amayang'ana, mwa zina, ngati liwu lililonse lili lomwe makina akanayembekezera pamalopo, komanso ngati ziganizo zikuyenda mofanana ngati asilikali paperete. Chida chotembenuza chimasankhanso mawu mwa njira yomweyo. Turnitin, imene masukulu ambiri amagwiritsa ntchito, inayamba kufufuza zolemba za makina mu Epulo 2023, ndipo mu 2024 inawonjezera kusonyeza ndime zimene ikuganiza kuti zinalembedwa ndi makina kenako n'kutembenuzidwa ndi makina ena. Njira ya mnzanuyo eni ake akuidziwa.

Sindikunena kuti mapulogalamu ofufuzawo ndi angelo. Amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, inatulutsa pulogalamu yake yofufuzira mu Januwale 2023, n'kuichotsa mu Julaye chaka chomwecho chifukwa sinkalondola mokwanira. Ndiye chifukwa chake kuyesa lipoti lanu pa pulogalamu yaulere ya pa intaneti n'kuona ikunena kuti "ndi la munthu" sikukuuzani chilichonse za imene aphunzitsi anu ali nayo. Mumatha bandulo mukutembenuza kachitatu, kachinayi, kufuna kuti nambala itsike, ndipo ulendo uliwonse tanthauzo likumka lithothoka ngati nkhuku ya chitopa. Kamawu koti may kamasowa, "asodzi ena" amasanduka "asodzi", ndipo ndinaonapo chiganizo chimene not wake anagwera panjira, moti chinkanena zosemphana ndi tebulo lomwe linali pansi pake.

Koma wokugwirani weniweni si pulogalamu. Ndi munthu amene wawerenga malipoti a Chilwa zaka khumi. Kutembenuza mawu kumasintha khungu, mafupa amatsala omwewo. Ndime zimatsatana momwemo, iliyonse yotalika ngati inzake, iliyonse yotsekera ndi chiganizo chobwereza zomwe yanena kale. Mabodza amatsalanso. Makina akapeka buku lomwe kulibe, ndi dzina la wolemba lomveka ngati lenileni ndi chaka chake, chida chotembenuza sichipita kulaibulale kukaona. Chimangolisiya, ndipo mphunzitsi akalisaka kwa mphindi ziwiri n'kulisowa, nkhani yatha. Chimodzimodzi zimene makina sadziwa za kuno. Ndinawerengapo lipoti la mnyamata wina lonena za "mtsinje wotuluka m'nyanjayi". Chilwa ilibe mtsinje wotuluka. Domasi, Likangala ndi Phalombe imathira m'menemo, madzi amachoka pouma ndi dzuwa, n'chifukwa chake ndi amchere pang'ono, ndipo n'chifukwa chake nyanjayi inauma mu 1968 ndi mu 1995. Lipoti lake silinatchule kuumako ngakhale kamodzi, silinatchule makumba kapena mlamba, linkangonena za "mitundu yosiyanasiyana ya nsomba". Analitembenuza kawiri, koma mtsinje wabodzawo unali pomwepo, utangosintha dzina lachingerezi.

Ndiye pali funso la pakamwa. Mphunzitsi wokayika safuna umboni wa makina. Amangokuitanani muofesi n'kufunsa kuti, "Apa mwalemba kuti mwatsimikiza, munatsimikiza bwanji?" Mnyamata uja nditamufunsa tanthauzo la chiganizo chake chachitatu anayang'ana kudenga, kenako n'kuti, "Poyamba sichinali chonchi." Anali atataya loyambalo.

Mwatsala ndi masiku angapo, ndipo ine ndikanachita chonchi. Lipoti la makinalo musalitembenuze, litsekeni. Tengani pepala mulembe m'Chichewa, ngati mukuuza amayi anu pakhonde, mfundo zinayi kapena zisanu zimene inuyo mukuzidziwa za usodzi wa pa Chilwa, kuchokera m'manotsi a m'kalasi ndi zimene munamva kwa asodzi ngati munafikako. Buku lililonse limene makina anatchula lisakeni dzina lake lonse. Mukalipeza werenganiko ngakhale chidule chake, mukalisowa lifufuteni pamodzi ndi chiganizo chomwe chinatsamirapo. Kenako lembani m'Chingerezi chanu chomwecho, chopunthwa apa ndi apo. Mawu a phunziro, monga random sample uja, asiyeni momwe alili ngakhale abwerezedwe kakhumi, chifukwa kubwereza dzina la chinthu si kuba. Mukatenga chiganizo cha munthu wina, chiikeni m'zizindikiro zogwira mawu ndipo mutchule mwini wake.

Lembani mu Google Docs ngati netiweki ikulola, chifukwa pa `Version history` pamaoneka mmene nkhani inakulira tsiku ndi tsiku. Ngati mukulemba mu Word, sungani kope latsopano madzulo aliwonse ndi deti lake. Pepala la Chichewa lija musakolezere mbaula. Tsiku lina pulogalamu ikadzakunamizirani, poti imatero ngakhale kwa olemba okha, zimenezi ndi zomwe mudzaike patebulo. Onaninso zimene dipatimenti yanu inalemba pa nkhani yogwiritsa ntchito makina, chifukwa aphunzitsi ena amalola pa zina bola munene poyera, ena salola n'komwe.

Ngati masiku sakukwanadi, pitani kwa aphunzitsiwo mawa m'mawa, osati Lolemba, mukapemphe masiku awiri owonjezera muli ndi pepala la mfundo zanu m'manja. Mwina adzakudulani mamalikisi ochepa. Ndime yoyamba mukailemba nditumizireni, ndidzaiona Loweruka ndikachoka kumsika.